Sankandiyang'ana m'maso, koma ankasendera pafupi

"Zikomo achimwene. Loweruka lapitali ndinaonana koyamba ndi mtsikana amene takhala tikucheza pa foni kwa miyezi iwiri. Tinakhala panja pa lesitilanti ina ku Blantyre chakumadzulo. Nthawi zambiri ankayang'ana pansi, manja atapinda pachifuwa, koma ine ndikamayankhula ankaweramira kwa ine. Mnzanga akuti munthu wothawitsa maso ndi wabodza, apo ayi sanakukonde. Ndipitirize kapena ndingozisiya?"

Achimwene, mnzanuyo musamupatse udindo wa unkhoswe. Tiyambe ndi za bodzazo, chifukwa ndi zosavuta kuzichotsa panjira. M'chaka cha 2006 akatswiri a kaganizidwe ka anthu, Charles Bond ndi Bella DePaulo, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku woposa 200 wa momwe anthu amazindikirira bodza pongomuona ndi kumumvetsera munthu. Anapeza kuti timalondola pafupifupi ka 54 pa 100 paliponse. Munthu wongolota mwachisawawa amalondola ka 50. DePaulo yemweyo ndi anzake anali atawonetsa kale mu 2003 kuti kuthawitsa maso sikugwirizana kwenikweni ndi kunama. Kumbukirani munthu amene anakubwerekani ndalama n'kulonjeza kubweza pakutha pa mwezi. Anakuyang'anani m'maso, eti?

Ndipotu kuno kwathu maso ali ndi mwambo wake. Mwana woleredwa bwino sayang'anitsitsa wamkulu akamamuyankhula, ndipo wotero timati ndi wamwano. Mkamwini satong'olera maso apongozi. Atsikana ambiri analangizidwa kuti kuyang'ana mwamuna m'maso nthawi yaitali n'kusowa khalidwe. Malangizo ambiri amene timawerenga pa foni akuti "akakukonda amakuyang'ana m'maso" analembedwera anthu a ku Ulaya ndi ku Amereka, kumene mwana amauzidwa kuti ayang'ane kholo lake m'maso likamamudzudzula. Mukatenga muyezo umenewo n'kumuyezera mtsikana amene anakulira pakhomo la agogo ake, mudzamuweruza mlandu wa ulemu umene anaphunzitsidwa.

Koma chimene chandikoka m'kalata yanu ndi zinthu ziwiri zimene inu mukuziona ngati zotsutsana: kusendera pafupi ndi kuyang'ana pansi. Sizitsutsana ayi. Ofufuza ena, Michael Argyle ndi Janet Dean, mu 1965, anaona kuti anthu awiri akayandikirana kwambiri amachepetsa kuyang'anana, ngati kuti thupi lili ndi mlingo wa kuyandikana umene limatha kupirira, ndipo mtunda ukachepa maso ndi amene amabwerera m'mbuyo. Inu mumaziona tsiku lililonse. Mu minibasi ya ku Ndirande, mutapanikizana phewa ndi phewa, palibe amene amayang'ana mnzake kumaso. Aliyense maso ali pawindo kapena pamsana wa wa kutsogolo. Mukatsika n'kuima motalikirana, mukhoza kuyang'anana bwinobwino n'kufunsana njira. Ndiye ngati nkhope yake inafika pafupi ndi yanu, si zachilendo kuti maso anagwera patebulo.

Palinso funso limene simunaliyankhe: ankayang'ana pansi nthawi iti? Wofufuza wina, Adam Kendon, mu 1967, anajambula anthu akucheza awiriawiri n'kupeza kuti womvetsera amayang'ana mnzake kwambiri kuposa woyankhula. Munthu akayamba kufotokoza nkhani yaitali amachotsa maso kuti asonkhanitse maganizo, kenako akamamaliza amawabweza, ngati kunena kuti "yankhulani tsopano". Ngati iye ankayang'ana pansi pofotokoza za kwawo, za ntchito, za amayi ake, kenako n'kukuponyerani diso pomaliza, palibe chachilendo pamenepo. Zikanandidetsa nkhawa pang'ono zikanakhala kuti inu mukuyankhula, iye maso ali kuchipata kapena pa foni, ndipo mukamufunsa kanthu akuti "mwati chani?" kawiri katatu.

Za manja opinda sindichedwapo. Munali panja, ku Blantyre, chakumadzulo, ndipo kalata yanu yandipeza mu Juni. Kunalibe kamphepo ka chiperoni? Anavala juzi? Mpando unali ndi poika mikono? Anthu ena kupinda manja ndi kakhalidwe kawo basi, ngakhale ali okha m'nyumba.

Tsono musathamangire kusangalala, chifukwa kuweramira kuja nakonso ndikulandani. Munthu amasendera pafupi akakopeka, inde. Amasenderanso wailesi ikamasokosa, jenereta ikamalira kuseri, kapena woyankhulayo akamayankhulira m'kamwa chifukwa cha manyazi, monga timachitira amuna ambiri tsiku loyamba. Ine ndinapusitsidwapo ndi chimenechi. Zaka zapitazo ndinacheza ndi mayi wina paphwando la ukwati, ndipo nthawi yonse ankabweretsa mutu wake pafupi ndi wanga. Ndinapita kunyumba mtima uli m'mwamba. Patapita masabata ndinamva kuti khutu lake lakumanja silimva bwino, ndipo ine ndinakhala mbali yomweyo.

Vuto la chizindikiro chimodzi ndi limeneli: chimakhala ndi zoyambitsa zinayi kapena zisanu, ndipo ife timasankha chimene mtima wathu ukufuna kapena chimene ukuopa. Pa tsiku loyamba vutoli limakula, chifukwa simudziwa mmene munthuyo amakhalira masiku onse. Mayi amadziwa kuti mwana wadwala pongoona kuti wakhala chete, chifukwa amadziwa phokoso lake la tsiku ndi tsiku. Inu phokoso la tsiku ndi tsiku la mtsikanayu simulidziwa. Macheza a pa foni sanakuonetseni mmene amakhalira pampando.

Chimene mungachite ndi kubwereza tsiku lija m'mutu mwanu ngati nkhani yoyenda, osati ngati chithunzi. Yerekezani mmene analili mutangokhala pansi ndi mmene analili mutatsala pang'ono kunyamuka. Tinene kuti poyamba chikwama chinali pamiyendo atachikumbatira, mayankho ake anali "eya" ndi "ayi". Patatha theka la ola chikwama chapita pampando wina, wayamba kukufunsani yekha mafunso, akukumbutsani nkhani imene munamuuza pa foni mwezi watha, waseka mpaka kuiwala kubisa pakamwa. Zinthu zinayi zasuntha mbali imodzi, ndipo mphepo ya chiperoni singazifotokoze zonse. Pamenepo muli ndi poimira. Zikhozanso kuyenda chobwerera: anafika ali wansangala, kenako mayankho n'kumafupika, chikwama n'kubwerera paphewa, thupi n'kutembenukira kumsewu, nthawi n'kuyang'anidwa kawiri. Zikatero yesani kukumbukira chimene munanena kapena kuchita kusinthako kusanayambe. Mwina munafunsa za chibwenzi chake chakale, kapena munamugwira dzanja nthawi isanakwane.

Onaninso mmene ankachitira ndi anthu ena. Woperekera zakudya atabwera, anamuyang'ana kumaso? Ngati nayenso anamuyankha maso ali pansi, ndiye kuti ndi chibadwa kapena maleredwe, si inu. Ngati ena onse ankawayang'ana momasuka koma inu nokha ayi, ndiye kuti mwa inu muli chinachake chimene chikumugwedeza, ndipo manyazi a munthu wokopeka ndi kumangika kwa munthu amene akufuna kuthawa zimaoneka mofanana kwambiri kunjaku.

Choncho pitirizani, koma mwanjira yoti pakamwa pake payankhe. Mulembereni kuti munasangalala kumuona, n'kutchula tsiku ndi malo enieni, masana, pamalo opanda phokoso. Akavomera, kapena akakana tsikulo n'kupereka lina yekha, mwayankhidwa. Akati "tiona" kawiri osatchula tsiku, mwayankhidwanso, ndipo musamuumirize pomuuza kuti koma tsiku lija munkasendera pafupi. Akadzabwera, mukhale moyang'anizana, tebulo lili pakati, ndipo mukweze mawu pang'ono kuti muone ngati adzaweramirebe.