Bokosi la zilembo 500

"Fomu ya ntchito ikulola zilembo 500 zokha, koma zanga zapyola. Ndidule pati?"

Achimwene, mipata ndi zizindikiro zopumira nazonso zimawerengedwa, ndiye m'Chichewa mukwanitsa mawu pafupifupi 65 basi. Moni ndi mathokozo zichoke, dzina munalemba kale pamwamba. "Ndine wolimbikira" aliyense amalemba, sizikugulitsani. Ikani chooneka ndi maso: "Ndinasunga mabuku a sitolo ku Limbe zaka 3, osasowetsa katundu." Muyambe ndi chimene olemba ntchito atchula m'chilengezo.

Lembani kaye pa foni kapena mu Word, muwerenge zilembo, mutsale ndi 20 zapadera, chifukwa mafomu ena amawerenga mzere watsopano ngati zilembo 2. Mukamata mawuwo m'bokosi la fomu, yang'anani kumapeto. Mabokosi ena amangodula mchira mwakachetechete, chiganizo n'kuthera pakati.