Madzi pamtima: ena ndi oti mumwe mankhwala, ena ndi oti awapope lero lomwe

"Bambo akunyumba anawapeza ndi madzi kuzungulira mtima, adokotala akuti ndi perikadaitisi. Angowapatsa mankhwala a TB ndi kutibweza kunyumba, madziwo sanawapope. Mnzanga akuti mlamu wake anamupopa tsiku lomwelo. Ife atinyalanyaza kapena? Nanga ndidziwa bwanji kuti zafika poipa?"

Achemwali, mwina sanakunyalanyazeni ayi. Amene akunyumba kwanu ali nawo ndi amene anali ndi mlamu wa mnzanuyo akhoza kukhala madzi ofanana ndithu koma mavuto awiri osiyana, ndipo funso lanuli landikumbutsa achimwene anga moti ndiyankha motalika, mundipirire.

Mtima umakhala m'kathumba ka zikopa ziwiri, pakati pake pamakhala timadzi tochepa, mamililita osapitirira 50, tongothandiza kuti mtima uziterera ukamagunda. Kathumbako kakatupa ndiye perikadaitisi. Ululu wake ndi wobaya pachifuwa, umakula munthu akagona chagada kapena akakoka mpweya, umachepa akakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo, nthawi zina umafika paphewa chakukhosi kuno. Ikakhala ya vairasi timapereka bulufeni kapena asipirini pamodzi ndi kolichisini wa miyezi 3, basi, palibe zobayana. Koma kwathu kuno madzi ambiri pamtima nthawi zambiri ndi TB, makamaka kwa amene ali ndi HIV, ndipo ya TB imabwera mwakachetechete, ululu wobaya uja mwina osaoneka n'komwe, munthu amangoonda, thukuta usiku, kutopa, befu.

Tamponedi ndi nkhani ina. Apa madzi aja apanikiza mtima mpaka ukulephera kutambasuka kuti ulandire magazi, ndiye ukapanda kulandira upopa chani? Ndipo chomwe anthu ambiri samva, ngakhale ena ovala zoyera, n'choti vuto si kuchuluka kwa madzi koma liwiro lomwe abwerera. Kathumba kaja kali ngati mimba ya mayi woyembekezera, ukakapatsa miyezi kamatanuka, munthu n'kumayenda ndi lita yonse kapena kuposa pamtima akupita kumunda. Koma wobayidwa mpeni pachifuwa, magazi a mamililita 150 kapena 200 okha atalowa mphindi zochepa, akhoza kufa ali panjira.

Achimwene anga anali a kabaza, munthu wamphamvu zake. Anayamba kudandaula kuti mtunda ukuwakanika, kenako miyendo kutupa, mimba kutupa. Anapita pa kakiliniki kena kolipira, anawajambula ekisire, mtima unaoneka waukulu wobulungira, basi akuti mtima wafooka, nawu lasikisi, mapiritsi okodzetsa, muzikamwa. Alamu anandiimbira usiku kuti achimwene anu akukomoka akangoimirira. Nditafika ndinawapeza atakhala pampando, kugona akukana, manja ozizira ngati agwira madzi a m'mawa, mitsempha ya pakhosi itatupa mpaka kufika kunsagwada iwo ali chikhalire. Kuchipatala BP inali 88/70, mtima ukuthamanga 124 pa mphindi, koma kumvera m'mapapo muli mbee, mopanda madzi. Befu wotere, mitsempha ya pakhosi yotupa chonchi, mapapo oyera, pamenepo aliyense wa zachipatala ayenera kuganiza za kathumba kaja.

Ndinagwira pamkono pawo pogunda mtsempha. Akakoka mpweya kugunda kumazimirira, akatulutsa kumabwerera. Ndi makina a BP opopa pamanja aja mukhoza kuyeza zimenezi, nambala yapamwamba ikamatsika kupitirira 10 munthu akamakoka mpweya ndiye kuti mtima wapanikizika, ya achimwene inkatsika ndi 20. Makina a mabatire omwe adzaza m'mafamase sangakuuzeni zimenezi, n'chifukwa chake ine ndimakwiya ndikaona opopa pamanja atatayidwa mukabati. Sikani ya mtima itabwera inaonetsa mtima ukuyandama m'madzi, mbali yakumanja, yomwe ili ndi khoma lopyapyala, ikuphwafuka nthawi yomwe imayenera kudzaza. Adokotala anabaya jakisoni wa dzanzi, analowetsa singano pansi pa fupa la pakati pachifuwa akuyang'ana pa sikani, atangotulutsa masirinji awiri okha munthu anayamba kupuma bwino, BP kukwera, mpaka kufunsa kuti njinga yawo ili kuti. Kapaipi kanatsala momwemo, madzi ofiirira osakanikirana ndi magazi anatuluka pafupifupi lita, ndipo anakachotsa pamene zotuluka zinatsika kufika mamililita osakwana 30 pa tsiku. Inali TB.

Za lasikisi zija ndinene mosabisa, zimandinyansa. Miyendo yotupa si chilolezo chopereka mapiritsi okodzetsa. Mtima wopanikizika umadalira magazi obwera mwamphamvu kuti udzaze ngakhale pang'ono, ndiye inu mukamuchotsa munthu madzi m'thupi mwamulanda kamphamvu komwe kanatsala. Munthu wa mtima waukulu pa ekisire asanamwe chilichonse chokodzetsa ayikidwe sikani, ndipo masiku ano timakina ta sikani ta m'manja tafika m'zipatala zina, mphindi zochepa chabe zikwana kuona ngati pali madzi. Komanso achibale inu, mapiritsi otsala a agogo a BP musamagawane. Ndaonapo anthu akutenga a malemu kupatsa wodwala kuti "matenda ake ndi omwewo, anatupanso chonchi."

Nayenso puredinisoloni, mankhwala ochepetsa kutupa, anthu amamufunsa kwambiri. Panachitika kafukufuku wamkulu m'maiko a mu Africa, Malawi ali momwemo, wotsogoleredwa ndi malemu Pulofesa Bongani Mayosi wa ku Cape Town, zotsatira zinatuluka mu 2014. Mankhwalawa sanachepetse imfa, anachepetsako kuuma kwa kathumba kaja, koma mwa odwala omwe anali ndi HIV makhansa anachuluka. Ndiye adokotala akapanda kupereka, si umbombo. Kuuma ndikunenaku ndi vuto lobwera pambuyo, kathumba kamakhuthala n'kumanga mtima, munthu amatupanso madzi palibe, ndipo pamenepo singano sithandiza, pamafunika opaleshoni yosenda chikopacho.

Nanga amapopa liti?

Amapopa mtima ukapanikizika, pamenepo sadikira m'mawa. Amapopanso akaganiza kuti muli mafinya, kapena madzi ali ambiri (kupitirira masentimita 2 pa sikani) munthu akuvutika ndipo mankhwala sakuwachepetsa, kapena akufuna kuwayeza kuti adziwe ngati ndi TB kapena khansa. Akakhala magazi a ngozi kapena mpeni, singano ingogulira nthawi, wofunika ndi opaleshoni. Madzi ochepa, BP ili bwino, mtima ukudzaza bwino pa sikani, kubaya kulibe phindu, singanoyo imadutsa pafupi ndi chiwindi, mapapo ndi mtima weniweniwo, ndipo madzi akachepa mpata wolakwitsa umakula.

Ndiye akunyumba kwanuwo amwe mankhwala a TB miyezi 6 yonse osadumphitsa, ngati sanayezetse HIV ayezetse, ndipo mufunse tsiku la sikani yachiwiri, musachoke osalidziwa, chifukwa madzi amatha kuwonjezekera masabata oyambirira mankhwala akumwedwa. Mukaona befu akukula, akulephera kugona chagada, chizungulire kapena kukomoka akaimirira, mtima kuthamanga ali phee, manja ozizira ndi thukuta, mkodzo kuchepa, kubalalika mutu, mitsempha ya pakhosi kutupa atakhala tsonga, musadikire zonse zikwane kapena tsiku la sikelo. Pezani galimoto, ayende atakhala osati atagona, ndipo pofika muuze woyamba kukumana naye kuti munthuyu ali ndi madzi pamtima, buku lake lakuchipatala lili m'manja.