Botolo la agogo linalembedwa kuti panado

Adokotala, apongozi anga amakonda kusunga zinthu m'mabotolo akale a mankhwala, ndipo ana anga amaswera kwa iwo. Mwana atamwa zolakwika, ndimumwetse mkaka kuti asanze? Ndine mayi wa ana awiri, ku Chipoka.

Ayi mayi, mkaka musamupatse, ndipo musamusanzitse. Chifukwa chake muchimva pa zomwe zinagwera banja lina la cha ku Lifuwu, lomwe mwana wawo ndinamuthandizapo.

Agogo a m'banjamo anali ndi dimba la tomato ndi mpiru. Nsabwe zitavuta m'masamba, anakagula mankhwala opopera kwa munthu wogulitsa moyeza pamsika, n'kuwathira m'kabotolo ka panado wamadzi wa ana komwe kanatha kalekale. Lebulo sanamatule. Kabotoloko anakaika pawindo, pomwe amaika mankhwala awo a miyendo. Tsiku lina agogo atapita kukagona kumaliro, mdzukulu wawo wa zaka 3 anatentha thupi usiku. Mchemwali wake wa sitandade 8 anaunika ndi foni, anawerenga lebulo bwinobwino, n'kumumwetsa supuni imodzi. Mwanayo analavula ambiri chifukwa cha kuwawa, koma ena analowa.

Ola lisanathe mwana anayamba kuchucha dovu, thukuta lili kamukamu, akusanza ndi kutsegula m'mimba. Oyandikana nawo anati ndi malungo, wina anabweretsa mkaka. Mayi ake ndi amene ananunkhiza botolo n'kumva fungo la kudimba. Anakwera kabaza, botolo atalimanga pansonga ya chitenje.

Atafika kuchipatala sitinavutike kudziwa. Timwana ta m'maso mwake tinali titachepa ngati nsonga ya singano, mtima ukugunda pang'onopang'ono, m'chifuwa mukumveka phokoso la madzi. Malungo sachepetsa kamwana ka diso chotero, ndipo sachuchitsa dovu lochuluka choncho. Mankhwala a gulu limeneli, lomwe muli dayimethoweti ndi akiteliki, amalepheretsa mitsempha kuleka kutumiza uthenga, ndiye malovu, misozi, thukuta ndi madzi a m'mapapo zimangotuluka osalekeza. Chimene chimapha kwenikweni ndi kubanika. Tinamupatsa okosijeni ndi jakisoni wa atiropini, mobwerezabwereza mpaka m'chifuwa mutauma. Ngakhale anatsitsimuka m'mawa mwake, sitinamutulutse msanga, chifukwa poizoni ameneyu amatha kufooketsa minofu yopumira patapita tsiku limodzi mpaka masiku 4, makolo atayamba kale kuseka.

Tibwerere ku mkaka uja. Mankhwala opopera ambiri amawasungunulira m'mafuta ofanana ndi parafini. Mwana akamasanza, timadontho timalowera kummero wa mpweya n'kukapsereza mapapo, choncho mwangowonjezera chibayo pamwamba pa poizoni. Ndi chimodzimodzi mwana akamwa parafini weniweni wa m'botolo la zakumwa. Mkaka ndi mafuta ophikira sizipha poizoni, ndipo madzi a mchere osanzitsira ndi oopsa paokha kwa mwana wamng'ono. Chochita n'chakuti mumuvule zovala zomwe zathirikira mankhwala, mumutsuke pakhungu ndi sopo, mumugoneke chammbali kuti dovu lizitsika, ndipo munyamuke nthawi yomweyo ngakhale akuoneka bwino. Botolo musalisiye, ndipo mukumbukire nthawi yomwe wamwa.

Mtsikana uja sindinamudzudzule, ndipo ndinawauza makolo ake kuti asamukalipire. Anachita zomwe timaphunzitsa, anawerenga. Koma lebulo imanena zomwe fakitale inathiramo, osati zomwe agogo anathiramo chaka chatha. Mukatenga botolo lotsegulidwa kale, werengani dzina ndi tsiku lothera ntchito mankhwalawo lomwe lalembedwa pafupi ndi `EXP`, kenaka yang'anani mtundu wa zam'katimo ndi kununkhiza chapatali. Panado wa ana amakhala wonanda ngati uchi wosungunuka, wafungo lotsekemera. Ngati simukudziwa amene analitsegula ndi liti, musamwetse mwana.

Za apongozi anu, musapite ndi mlandu, angakuoneni ngati mukuwanena ufiti. Pitani ndi bambo a ana, munene kuti mwabwera kudzawathandiza kukonza pawindo. Mankhwala a kumunda akhale m'botolo lomwe anabweramo, kunja kwa nyumba yogona, pamwamba pomwe mwana sangafike. Mabotolo a mankhwala omwe atha muwaboole ndi kuwataya, asagwirenso ntchito ina.

Agogo a ku Lifuwu aja anabwera kuwodi tsiku lachitatu ndi jumbo yodzaza mabotolo, kuti namwino awauze chilichonse n'chiyani. Munali mabotolo 11. Atatu mwa iwo ngakhale eni akewo sanakumbukire zomwe anathiramo. Popeza maso awo saonanso zilembo, ntchito yowerenga mokweza asanatsegule botolo lililonse anaipereka kwa mtsikana yemwe uja.