Iye ndi Msilamu, ine ndine Mkatolika: tilumbire mawu ati?

"Zikomo amayi. Ndine Mkatolika wa ku Salima, bwenzi langa ndi Msilamu wa ku Nkhotakota. Palibe amene akusiya chipembedzo chake. Tikufuna kulemba malumbiro athu tokha, oti a kwathu ndi a kwawo onse akamva asakhumudwe. Tiyambire pati?"

Achemwali, yambirani apa: mawu a m'tchalitchi ndi mawu a pa ndowa, womwe ndi ukwati wa Chisilamu, si anu, ndipo simungawasokere pamodzi ngati zigamba za chitenje. Ali ndi eni ake. Malumbiro olemba nokha ali ndi malo ake, ndikuuzani, koma choyamba dziwani zimene mbali iliyonse imatcha kumanga banja.

Pa ndowa ya Chisilamu palibe malumbiro ngati amene munazolowera kumva ku tchalitchi. Ndi pangano. Woyimira mkazi, amene nthawi zambiri amakhala bambo ake, amapereka mawu, mwamuna n'kuvomera, pamaso pa mboni ziwiri, ndipo pamatchulidwa mahari, mphatso ya mkazi mwiniwake osati ya makolo. Shehe amalalikira ndi kupempherera. Basi, ndowa yamangidwa. Inuyo muli ndi mwayi pang'ono, chifukwa Korani, pa sura 5 ndime 5, imalola mwamuna wa Chisilamu kukwatira mkazi wa Chikhristu. Zikanakhala kuti Msilamuyo ndinu, mwamunayo Mkhristu, mashehe ambiri akanakaniratu.

Koma chenjerani pa chinthu chimodzi. Mawu ambiri a pa ndowa amanenedwa m'Chiarabu, ndipo mkwatibwi wamanyazi, wofunda mpango, amangobwereza chilichonse chimene wauzidwa. Pakati pa mawuwo pakhoza kulowa shahada, umboni woti palibe mulungu wina koma Allah ndipo Muhammadi ndi mtumiki wake. Amene wanena zimenezi pamaso pa mboni amawerengedwa kuti walowa Chisilamu. Mwina shehe sakupusitsani, akungoganiza kuti n'zimene mwabwerera. Choncho pitani kwa iye tsiku lisanafike, inu, bwenzi lanu ndi ankhoswe, akumasulireni m'Chichewa chiganizo chilichonse chimene chidzatuluke pakamwa panu.

Ku Katolika nako kuli zake. Kukwatiwa ndi munthu wosabatizidwa kumafuna chilolezo cha bishopu, ndipo amene amakupempherani ndi bambo mfumu a ku parishi kwanu. Inu mudzalonjeza kusunga chikhulupiriro chanu ndi kuchita zonse zimene mungathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa mu mpingo. Mwamuna salonjeza zimenezo, koma ayenera kuuzidwa kuti inu mwalonjeza. Mwambo wake umakhala wa mawerengo ndi mapemphero popanda Misa, ndipo mawu ovomerezana ndi olembedwa kale m'buku. Chimene ambiri amachidziwa mochedwa n'chakuti malamulo a mpingo salola kuti mukavomerezanenso pa mwambo wina wachipembedzo, usanachitike kapena utachitika wa m'tchalitchi. Ndiye musakamange ndowa mwakachetechete ku Nkhotakota n'kumati ku Salima sizimveka. A mphakati amakwera minibasi yomweyo. Nenani zoona kwa bambo mfumu poyamba, chifukwa bishopu ali nayo mphamvu yolola kuti ukwati umangidwire kwina n'kuvomerezekabe, koma salola chinthu chimene sanapemphedwe.

Nanga malumbiro anu? Aikeni pa chinkhoswe. Chinkhoswe si cha shehe, si cha wansembe, ndi cha mabanja awiri, ndipo malume ovala kanzu ndi azakhali onyamula korona onse amachidziwa kuti n'chawo. Ankhoswe akatha kupatsana nkhuku, mwamuna atalandira nkhwangwa ndi khasu, inu mutalandira lichero ndi mthiko, imani nonse awiri munene mawu anu.

Powalemba, lamulo langa ndi limodzi: pasakhale mawu amene mmodzi wa inu anganene akunama. Si makutu a alendo okha amene mukusamala. Msilamu akati "m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera" wanena chinthu chimene chipembedzo chake chimakana kotheratu, ndipo lumbiro loyamba ndi bodza ndi lumbiro lotani? Ngakhale buku la Katolika limadziwa zimenezi: povekana mphete, mawu a Utatu Woyera ndi a Mkhristu yekha. (Za mphete zomwezo, amuna a Chisilamu savala golide. M'gulireni ya siliva, mungataye ndalama.) Dzina loti Mulungu ndilo lingakunyamuleni nonse, pakuti Msilamu wolankhula Chichewa amalitchula tsiku lililonse, Mkhristu chimodzimodzi.

Ndinali pa ukwati wina ku Senga Bay kumene awiriwo anakonza mawu awo bwinobwino, koma anaiwala kulangiza woyendetsa mwambo. Atangomaliza kulumbira, mkulu uja anakuwa pa chimkuzamawu kuti tonse tiimirire tisindikize m'dzina la Yesu. Malume a mkwati, amene anali atatulutsa kale ndalama za perekaniperekani, anazibwezera m'thumba la kanzu pang'onopang'ono, n'kukhala pansi kuyang'ana kunyanja. Sanalankhule kanthu. Chakudya sanadye.

Tsopano pamene pali minga. Mawu oti "inu nokha mpaka imfa" kwa inu ndi maziko a ukwati, pamene Chisilamu chimalola mitala mpaka akazi anayi, chimalolanso talaka, kumene ndi kusudzula mkazi. Musaganize kuti poti amakukondani ndiye kuti nkhaniyi yatha. Afunseni maso ndi maso. Akavomera kuti mudzakhala nokha, anene yekha pagulu, a kwawo akumva. Anthu ena amalemba zimenezi m'pangano la ndowa, koma mashehe amasiyana maganizo ngati mfundo yotereyi imamanga mwamuna. Chimene chili ndi mano ndi boma: lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa chikhalidwe ndi wa chipembedzo, koma ndi wa kwa DC umene limaletsamo mitala. Ine ndikanakhala inu ndikanaliganizira kwambiri pepala limenelo.

Ana ndiye munga waukulu, chifukwa inu mwalonjeza ubatizo ndipo kwawo amati mwana wa bambo Msilamu ndi Msilamu. Palibe chiganizo chokoma chimene chingathetse zimenezi. Musalumbire pagulu kuti ana adzasankha okha ngati simunagwirizane za dzina la mwana, za madarasa, za jando ndi za Sande sukulu kapena katekisimu. Kambiranani kuchipinda, ndipo pa malumbiro nenani chokhacho chimene mwagwirizanadi.

Nachi chitsanzo, musinthe momwe mukufunira. Mwamuna anene:

"Pamaso pa Mulungu amene anatilenga tonse, ndi pamaso pa ankhoswe athu, ndikukutengani kukhala mkazi wanga, inu nokha, masiku onse a moyo wanga. Sindidzakutsekerani njira ya ku tchalitchi, ndipo sindidzalola wachibale wanga kukukakamizani kusiya. Pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, nyumba yathu idzakondwera nanu."

Inu muyankhe:

"Pamaso pa Mulungu yemweyo, ndikukutengani kukhala mwamuna wanga masiku onse a moyo wanga. Sindidzakusokonezani pa swala, ndipo Lachisanu ndidzadziwa kuti ndi tsiku lanu. M'mwezi wa Ramadani ndidzadzuka nanu pa daku ndi kukhala nanu pa futari. Nkhumba sidzalowa m'poto wa m'nyumba mwathu."

Ndipo nonse pamodzi: "Ana athu sadzamva mmodzi wa ife akunyoza pemphero la mnzake."

Ngati mukudziwa kuti daku wa m'bandakucha simungamuthe, chotsani mzerewo, musiye futari yekha. Mukamaliza kulemba, perekani pepalalo kwa nkhoswe wa mbali iliyonse patatsala milungu ingapo, akawerengere akuluakulu kwawo, kuti wodandaula adandaulire pakhonde osati pa tsikulo. Woyendetsa mwambo mum'patsenso lake, ndipo mumuuze amene adzatsegule ndi pemphero ndi amene adzatseke.