Masitepe 8,000 patsiku ndi makilomita angati, nanga afuna mphindi zingati?

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina amene amawerenga tsamba lino:

"Ndinadziikira kuti ndiziyenda masitepe 8,000 tsiku lililonse, koma foni yanga imangosonyeza pafupifupi 3,500 pofika madzulo. Ndine wamtali masentimita 162. Kodi masitepe 8,000 ndi makilomita angati, ndipo ndipatule mphindi zingati kuti ndiwakwanitse?"

Zikomo kwambiri, amayi. Yankho lachidule ndi lakuti kwa inu ndi makilomita 5 ndi kachidutswa, ndipo nthawi yoti mupatule ndi pafupifupi mphindi 45. Koma ndikufuna kuti muone pamene manambalawa achokera, chifukwa mukadziwa zinthu ziwiri zokha za thupi lanu, simudzafunsanso munthu. Choyamba ndi kutalika kwa sitepe yanu. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa masitepe amene mumaponya pa mphindi imodzi.

Tiyambe ndi sitepe. Pali njira yongoyerekeza yogwiritsa ntchito msinkhu: amayi amachulukitsa msinkhu wawo ndi 0.413, abambo ndi 0.415. Kwa inu, 162 kuchulukitsa ndi 0.413 kukutipatsa masentimita pafupifupi 67. Njirayi si yoipa, koma siidziwa miyendo yanu. Anthu awiri ofanana msinkhu akhoza kuyenda mosiyana kwambiri, wina n'kumaponya phazi patali, wina n'kumanyang'ama. N'chifukwa chake ine ndimakonda kuti munthu adziyeze yekha.

Pezani malo athyathyathya, muyeze mamita 20 ndi tepi, ndipo muike chizindikiro uku ndi uku. Musayambire pa chizindikiro penipeni. Bwererani m'mbuyo pang'ono kuti pofika poyambira mukhale kuti mwayamba kale kuyenda mmene mumayendera nthawi zonse, pakuti masitepe awiri kapena atatu oyambirira amakhala aafupi. Werengani phazi lililonse likaponda pansi, lamanja ndi lamanzere lomwe, mpaka mutadutsa chizindikiro chachiwiri. Chitani zimenezi katatu ndipo mutenge nambala yapakati. Tinene kuti mwapeza 30. Mamita 20 kugawa ndi 30 ndi mamita 0.67, mofanana ndi zija zinatuluka pa msinkhu wanu.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ndipo inenso ndinasokonezekapo nditangoyamba kumene. Ndinkawerenga phazi lamanja lokha, ndipo pa mamita 20 ndinkapeza 14. Nditagawa, zinatuluka kuti sitepe yanga ndi yopitirira mita imodzi, moti mtunda wanga wa tsiku unaoneka wowirikiza kawiri. Foni imawerenga phazi lililonse. Choncho mukapeza kuti sitepe yanu yoyenda yaposa mita imodzi, dziwani kuti mwawerenga mwendo umodzi. Akuluakulu ambiri sitepe yawo imakhala pakati pa masentimita 60 ndi 80.

Tsopano kuwerengera kwake ndi uku:

```
8,000 × 0.67 = 5,360 m
5,360 ÷ 1,000 = 5.36 km
```

Nambala yabwino kuisunga m'mutu ndi iyi: kwa inu kilomita imodzi ndi masitepe pafupifupi 1,500. Munthu wamtali amene sitepe yake ndi masentimita 78 amamaliza kilomita ndi masitepe osakwana 1,300, ndipo masitepe 8,000 omwewo amamufikitsa makilomita oposa 6. Ndiye mnzanu akakuuzani kuti wayenda mtunda wautali kuposa inu pamene masitepe anu ndi ofanana, palibe amene akunama.

Funso la mphindi ndi limene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndi limene limagwetsa anthu ulesi. Munthu akamva kuti makilomita 5 amafuna nthawi yoposa ola, amangoti izi n'zosatheka, n'kusiya. Koma inu simukuyambira pa ziro. Masitepe 3,500 aja mukuwayenda kale pogwira ntchito zanu, osapatula nthawi iliyonse. Otsala ndi 4,500 basi, omwe ndi makilomita 3.

Kuti mudziwe liwiro lanu, yendani kaye kwa mphindi zingapo mpaka thupi litazolowera, kenako werengani masitepe kwa masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Mukapeza 52, ndiye kuti mumaponya 104 pa mphindi.

```
4,500 ÷ 104 ≈ 43
```

Zimenezi ndi mphindi 43, ndipo ine ndinganene kuti mupatule 45, poganizira kuima podikira kuwoloka msewu kapena kumanga chingwe cha nsapato. Mukamayenda mwachifatse uku mukucheza ndi mnzanu, mwina muziponya masitepe 80 pa mphindi, ndipo 4,500 omwewo adzakudyerani mphindi 56. Masitepe ndi omwewo, mtunda ndi wofanana kapena wocheperako pang'ono popeza munthu akamayenda pang'onopang'ono sitepe imafupika, koma nthawi yawonjezeka ndi mphindi 13.

Liwiroli lili ndi tanthauzo linanso. Ofufuza za kayendedwe ka anthu amatenga masitepe pafupifupi 100 pa mphindi ngati poyambira kuyenda mwachangu ndithu kwa munthu wamkulu, kuja koti mpweya wayamba kukwera, mukutha kulankhula koma kuimba nyimbo kukuvuta. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi zamtundu umenewu kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Mukamayenda mphindi 45 pa liwiro la 104, masiku anayi okha akukupatsani mphindi 180. Masitepe a m'nyumba aja amawerengedwa pa foni, inde, koma ambiri mwa iwo ndi apang'onopang'ono ndiponso odukizadukiza, choncho musawaphatikize pa mphindi zimenezi.

Simukukakamizidwa kuyenda mphindi zonsezo nthawi imodzi. Mphindi 15 zikukupatsani masitepe oposa 1,500, kutanthauza kilomita imodzi. Maulendo atatu otere, m'mawa, masana ndi madzulo, akwanitsa zonse. Ndipo popeza panopa muli pa 3,500, ine sindingakulangizeni kulumphira pa 8,000 mawa lomwe. Yambani ndi ulendo umodzi wa mphindi 15 kwa mlungu wathunthu, kenako muwonjezere wachiwiri. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo, imani ndipo mukaonane ndi dokotala.

Chinthu chimodzi chimene ndikuchikayikira pa nkhani yanu ndi 3,500 uja. Foni imawerenga pokhapokha ili pathupi panu. Ngati mumaisiya patebulo pamene mukuzungulirazungulira m'nyumba, masitepe anu enieni ndi ochuluka kuposa amene ikusonyeza, ndipo mphindi zoti mupatule n'zocheperapo. Wotchi yovala pamkono ili ndi vuto lina: nthawi zina imawerenga kugwedezeka kwa dzanja pochapa kapena potsuka ngati masitepe, komanso imaphonya ena mukamakankha chinthu dzanja lili phee. Kuyesa kwake n'kosavuta. Onani nambala imene ili pa foni, iikeni m'thumba, yendani masitepe 100 mukuwerenga nokha, dikirani pang'ono kuti nambala isinthe, ndipo muyerekezere. Ikasiyana ndi masitepe ochepa chabe, ikhulupirireni.

Pa makilomita amene pulogalamu ya pa foni imasonyeza, onani ngati munalembamo msinkhu wanu, chifukwa mapulogalamu ambiri amaugwiritsa ntchito poyerekeza sitepe. Ndipo mamita 20 aja muwayende pa liwiro limene muzidzayendera tsiku ndi tsiku. Mukayeza mukuyenda mwachifatse koma n'kumadzayenda mwachangu, sitepe yanu idzakhala yotalikirapo kuposa imene munalemba. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, miyendo itazolowera, mudzayezenso sitepe ndi liwiro lomwe, ndipo mudzagawenso 4,500 uja ndi nambala yatsopano ya masitepe a pa mphindi.