Saa 3 ya ejenti wa ku Dar es Salaam

"Amayi, ndayamba kuoda katundu kunja. Wondigulitsa ali ku China, ejenti ali ku Dar es Salaam, amene amandithandiza ndalama ali ku Mangalande. Ndikafuna kuti tonse tiyankhulane pafoni nthawi imodzi, ndiwauze nthawi yanji?"

Achemwali, musamangotumiza nambala imodzi n'kukhala pansi. Mukalemba kuti "tikumane 9 koloko" mwalemba nthawi zinayi zosiyana, chifukwa aliyense ayang'ana wotchi ya pakhoma pake. Ine katundu wanga ndi matailosi, ndipo nyumba zambiri zimene mumaziona ku Matawale ndi ku Chinamwali anthu amaponda pa zimene ndinabweretsa ine. Ndiye pa nkhani iyi mundimvere.

Kwa anthu anuwo mpata ndi wochepa kwambiri, ndipo uli m'mawa. Ku China ali patsogolo pathu ndi maola 6, dziko lonse nthawi imodzi, kaya munthu wanu ali ku Guangzhou kaya ku Yiwu. Ife kuno ku Zomba ikamakwana 11 koloko, iwo ndi 5 koloko madzulo, akutolera zikwama. Musanene kuti ndiye tiyambe mbandakucha, chifukwa 6 koloko yathu ndi 12 koloko yawo, ndipo Mchaina pa nthawi ya nkhomaliro sasewera. Amadya, ambiri amagonako pang'ono, ndipo amabwerera pa ntchito cha m'ma 2 koloko, imene ndi 8 koloko kuno. Choncho zimene muli nazo ndi kuyambira 8 koloko mpaka 11 koloko m'mawa, basi. Ku Dar es Salaam ali patsogolo ndi ola limodzi, iwowo savuta. Amene amavutika ndi wa ku Mangalande, yemwe ali m'mbuyo mwathu. Ameneyo adzuke, palibe kuchitira mwina. Ine ndimasankha 9 koloko, ndipo ndimalemba chonchi, dzina la mzinda ndi nthawi yake:

```
Zomba 09:00
Dar es Salaam 10:00
Guangzhou 15:00
Leeds 08:00
```

Pamwamba pake ndimaika tsiku la sabata, deti, ndi dzina la mwezi m'mawu. Manambala okhaokha pa deti ayi, chifukwa Achaina amayamba ndi chaka, kenako mwezi, tsiku kumapeto. Komanso mzere wa Leeds uwo musamaukopere chaka chonse. Azungu amasuntha wotchi. Kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala amakhala m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi, miyezi inayo ndi maola awiri, ndiye 9 koloko yathu imagwa 7 koloko kwawo kunja kuli mdima.

Chimene ndimalembera chonchi ndi kontena imene inatsala pang'ono kundigulitsitsa sitolo.

Matailosi anali atafika kale padoko. Ine ndinali nditalipira gawo loyamba, 30 pa 100 iliyonse monga timachitira, zotsalazo amayenera kutumiza alamu anga a ku Leeds, popeza kupeza madola kubanki kuno mukudziwa nokha mmene zilili. Vuto linali pa chikalata cha sitima. Amene analemba ku Guangzhou anasemphanitsa zilembo ziwiri pa dzina la bizinesi yanga. Zilembo ziwiri zokha, koma dzina likasiyana ndi la pa mapepala ena, katundu satuluka. Wogulitsa amati sakonza kanthu kapena kuuza a kampani ya sitima kuti amasule katundu asanaone umboni wa ndalama. Alamu amati satumiza ndalama zawo asanaone dzina litakonzedwa, ndipo sindiwanena, ndalama za kuntchito yausiku yosamalira nkhalamba sizitayidwa chisawawa. Ejenti yekha ndi amene amadziwa bwino mmene dzinalo liyenera kuonekera kuti a padoko alivomere. Zimafunika kuti anthu anayi tikhale pafoni imodzi kwa mphindi 20 zokha. Ejenti atchule zilembo, wogulitsa akonze n'kutionetsa, alamu atumize, wogulitsa aimbire a sitima asanaweruke.

Tsiku lotsala linali limodzi, pa 30 Seputembala. Pa 1 Okutobala ku China kumayamba tchuthi cha dziko, ndipo mafakitale ndi maofesi ambiri amatseka pafupifupi sabata yonse. Aliyense wochita malonda ndi China amadziwa zimenezi, ejenti uja amadziwanso.

Ine usiku wa pa 29 ndinali pa maliro a azakhali ku Jali, foni ili m'chikwama, netiweki ikubwera n'kumapita. Ejenti uja ndiye anadzipatsa udindo woika nthawi. Analemba pagulu lathu la pa WeChat, poti WhatsApp ku China sigwira bwinobwino, kuti mawa tikumane "saa 3". Sanatchule dziko, sananene kuti m'mawa kapena masana.

Mswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Imene ife timati 7 koloko m'mawa iye amati ola loyamba, choncho saa 3 ndi 9 koloko m'mawa, ndiponso pa wotchi ya ku Tanzania. Kuno inali 8 koloko, ku Guangzhou 2 koloko masana, ku Leeds 7 koloko m'mawa. Nthawiyo payokha inali yabwino ndithu. Koma mtsikana wa kufakitale anaona nambala 3 n'kuiika pa wotchi yake, 3 koloko masana, imene ndi 9 koloko kuno ndi 10 koloko ku Dar. Alamu anaganiza kuti ndi 3 koloko masana ya ku Malawi, anachotsera ola limodzi mwaulemu wake, anatchera alamu ya foni pa 2 koloko masana n'kukagona atachoka ku ntchito. Nthawi imeneyo ku Guangzhou ndi 9 koloko usiku.

Ine uthengawo ndinauona m'mawa kutacha, ndili panjira yopita kumanda. Chiswahili ndinachiphunzirira ku Kariakoo, ndiye nditangouona mtima unagunda. Ndinachoka pakati pa azimayi anzanga, chinthu chimene mpaka lero abale ena amandinena nacho, n'kukaima pachulu kusaka netiweki. 8 koloko tinalipo awiri, ine ndi ejenti. Mtsikana wa ku China samayankha, alamu foni anali ataitseka mawu. Ejenti anadikira pang'ono, anati ali ndi makontena a anthu ena, analowa mu ofesi ina mmene salola kuyankha foni. 9 koloko mtsikana uja anatulukira mwansangala, koma ejenti kunalibe. Zilembozo ndikanatha kutchula ndekha, dzina ndi langa, koma panalinso nambala imene ejenti yekha anali nayo. Pamene ankatuluka mu ofesi muja ku Guangzhou kunali kutada. Alamu anadzuka 2 koloko yawo n'kulemba kuti "ndafika, tiyambe".

Kontena inakhala padoko tchuthi chonse. Masiku aulere anatha, ndalama yosungira inayamba kuwerengedwa tsiku ndi tsiku, m'madola, a padoko mbali yawo, a kampani ya sitima mbali yawo chifukwa kontena ndi yawo. Dalaivala wa thiraki amene ndinapangana naye ananyamula katundu wa munthu wina, ndalama ya chikole osabweza. Kontirakitala amene amadikira matailosi kuti amalize nyumba ku Mpondabwino anakagula ku Limbe. Ndinagulitsa kagalimoto kanga konyamulira katundu, ndinakongola kubanki m'khonde, ndipo phindu la kontena yonseyo linathera pa nambala 3 imeneyo.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si ejenti. Iye anapepesa, ndipo anadulako pa malipiro ake. Chimandiwawa ndi bambo wina wa mu ofesi yodinda mapepala, tchuthi chitatha, dzina litakonzedwa, zonse zili m'malo. Anayang'ana chikalata chatsopano, anayang'ana chakale, n'kunena kuti popeza pali kusintha, fayilo ikaonedwe ndi akuluakulu, ndipo akuluakuluwo ali ku msonkhano. Mawa lake anali ku msonkhano wina. Munthu ameneyo amadziwa bwinobwino kuti tsiku lililonse limene fayilo yagona pa tebulo lake ine ndikulipira madola, ndipo amadikira kuti ndimvetse chimene akufuna. Anthu amenewa salipira lendi ya sitolo, sanagonepo m'basi miyendo itatupa, koma ali ndi chidindo. Ine sindinamupatse kalikonse. Ndinakhala pabenchi pakhomo pake kuyambira potsegula mpaka potseka, kumupatsa moni mokweza nthawi iliyonse akadutsa, mpaka anatopa nane. Pamalire ndiye kunalinso ena, amene anafuna kutsitsa mabokosi kuti awerenge matailosi limodzilimodzi dzuwa likulowa. Nkhani imeneyo ndi ya tsiku lina.

Paja mumafunsa za nthawi. Musalole ejenti kapena wogulitsa kuika nthawi. Katundu ndi wanu, ikani ndinu. Mtanzania akakuuzani nthawi, ngakhale atailemba m'manambala, mufunseni ngati ndi ya Chiswahili kapena ya pa foni, ndipo 15:00 ndi yabwino kuposa 3 chifukwa palibe amene angaitenge ngati ya m'mawa. Perekani nthawi ziwiri, ya mawa ndi ya mkuja, kuti wokana akane imodzi n'kuvomera inayo m'malo moyambiranso kukambirana. Ndipo munthu akangoyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu, ameneyo sanavomere kanthu. Ine ndimafuna aliyense alembe yekha nthawi imene wotchi yake idzakhale ikunena. Mtsikana uja akanalemba 15:00, ejenti n'kulemba 09:00, ngakhale mwana wa sukulu akanaona kuti pakati pa Dar ndi Guangzhou payenera kukhala maola 5, osati 6.

Mukadzayamba kupita nokha, samalani ndi foni yanu mukayandikira malire a Tanzania. Imatha kugwira netiweki ya tsidya linalo mukadali mbali ya kwathu, n'kudumpha ola limodzi osakuuzani. Ine ndimavala wotchi ya pamkono imene sindiisintha, imanena za ku Zomba kulikonse kumene ndili, ndipo masamu onse ndimayambira pamenepo. A ku Joni, ku Lusaka, ku Beira ndi ku Harare tili nawo pa nthawi imodzi, amenewo musadzivutitse nawo. A ku Dubai ali patsogolo ndi maola awiri, ndipo ngakhale kuyambira 2022 amapuma Loweruka ndi Lamulungu ngati ife, Lachisanu masana musawaikire msonkhano, ali ku mzikiti. Ejenti wanu wa ku Dar nayenso mufunseni za Lachisanu.

Za tchuthi cha chaka chatsopano cha ku China, chimene chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, funsani wogulitsa wanu mu Disembala kuti fakitale itseka liti ndipo itsegula liti, chifukwa chimenecho n'chachitali kuposa cha Okutobala ndipo antchito amabwerera mochedwa. Ndipo musanatumize ndalama ina iliyonse, munditumizire kaye dzina la ejenti wanuyo kuseri, ndione ngati si mmodzi mwa amene ndimawadziwa.