Sikani yapeza chotupa pathumba la mazira, koma akuti ndidikire

"Ndili ndi zaka 29, ndimakhala ku Area 25. Ndinajambulitsa sikani chifukwa m'chinena mumandiwawa pang'ono kumanzere. Apeza chotupa chamadzi cha masentimita 4.6 pathumba la mazira. Mankhwala sanandipatse, angoti ndibwerenso pakatha masabata 6. Kodi sakundinyalanyaza? Nanga ikakhala khansa?"

Achemwali, malinga ndi zimene mwalembazi, amene anakuonaniyo wachita bwino. Mwezi uliwonse dzira limakhwimira m'kathumba kamadzi komwe kamaphulika pakati pa msambo ndi msambo kuti dziralo lituluke. Nthawi zina kathumbako sikaphulika, kamangodzaza madzi. Nthawi zina dzira limatuluka, koma malo amene lachokawo amatsekeka n'kusunga madzi kapena magazi. Zotupa ziwirizi zimabwera ndi ntchito ya thupi lenilenilo, ndipo zambiri zimaphwa zokha pakadutsa misambo iwiri kapena itatu. Jekeseni kapena mapiritsi opha tizilombo sachita kanthu pamenepa. Ngakhale mapiritsi olera saphwetsa chotupa chomwe chilipo kale, amangochepetsa kubwera kwa zatsopano.

Wojambula sayang'ana kukula kokha. Chotupa chosaopsa chimaoneka chakuda bii mkati monse chifukwa muli madzi okhaokha, khoma lake ndi lopyapyala ndi losalala, ndipo ndi chipinda chimodzi. Kwa mayi amene akusambabe, chotere chosafika masentimita 5 sichikhala khansa pafupifupi nthawi zonse. Chokayikitsa chimakhala ndi mnofu wolimba mkati, timabampu tomera pakhoma kuloza mkati, zipinda zambiri zogawidwa ndi makoma ochindikala, magazi oyenda mwamphamvu mu mnofuwo, kapena madzi otayikira m'mimba monse. Tengani pepala lanu mufunse kuti, "Kodi muli mnofu? Zipinda ndi zingati? M'mimba muli madzi?" Mayankho atatuwa ndi olemera kuposa nambala ya masentimita ija. Mukanakhala mayi woti analeka kusamba, bwenzi ndikuyankhula mosiyana, chifukwa pa msinkhu umenewo mazira sakhwimanso ndipo chotupa chilichonse chimafufuzidwa mozama.

Ena akuuzani kuti mukayezetse magazi a CA-125, muyezo wothandiza pofufuza khansa ya thumba la mazira. Ine sindingakulimbikitseni kuwonongerapo ndalama pa chotupa cha mtundu wanuwu. Pa msinkhu wanu muyezo umenewu umakwera ndi msambo, kukhala ndi pakati, zotupa za m'chiberekero, matenda a m'chinena, ngakhale TB ya m'mimba yomwe kuno timaiona. Mungasowe tulo popanda chifukwa.

Sikani yachiwiriyo musaiphonye, ndipo yesetsani kuti ichitike msambo utangotha. Chikakhala kuti chaphwa, nkhani yatha. Chikapezeka chilipobe, chakula kupitirira masentimita 7, kapena maonekedwe asintha, pemphani kuti akutumizeni kwa dokotala wa matenda a amayi ku Kamuzu Central.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa inu ndi china. Thumba la mazira limalendewera pa timinyewa momwe mumadutsa mitsempha ya magazi. Likalemedwa ndi chotupa likhoza kupotokoka, monga mmene mumapotolera bango pa kaphesi kake pofuna kulithyola. Imayamba kutsekeka ndi mitsempha yotulutsa magazi, thumbalo n'kutupa. Kenako yolowetsa magazi nayo imatsekeka ndipo thumbalo limayamba kufa. Izi zimachitika kawirikawiri chotupa chikafika masentimita 5 kupita m'tsogolo, komanso kwa amayi oyembekezera. Chanucho chili pafupi ndi malirewo.

Ululu wake susokonekera ndi kuwawa pang'ono kumene muli nako panopa. Umabwera mwadzidzidzi mbali imodzi, mwina mukuchapa kapena mukutembenuka pabedi, umakupindani pakati, ndipo nseru ndi kusanza zimatsatira. Apa pali msampha: thumbalo likhoza kupotokoka n'kubwerera lokha, ululu n'kuleka ola limodzi, munthu n'kumati wachira. Ukabwerera kachiwiri, chimenecho ndi chizindikiro chokwanira. Msampha wina ndi sikani yoonetsa kuti magazi akuyendabe. Thumbali limalandira magazi kuchokera mbali ziwiri, choncho sikani yotero sitsimikiza kuti silinapotokoke. Chimatsimikiza ndi opaleshoni.

Zikatero musadikire kuti kuche, musayambe mwathamangira ku famase kukagula panado. Pezani galimoto mupite ku chipatala chomwe amachita opaleshoni usiku womwewo, pepala la sikani lili m'manja. Musadye kapena kumwa kanthu panjira, poti angafunike kukugonetsani. Akuyezani mkodzo kuona ngati muli ndi pakati, ndipo musakane ngakhale muli pa kulera, chifukwa mimba yokhala mu chubu, kunja kwa chiberekero, imawawa chimodzimodzi ndipo imapha msanga. Uzani adokotala ola lenileni limene ululu unayamba. Mukafika msanga, amangolipotolola thumbalo n'kuchotsa chotupacho, ndipo ngakhale litada kale, nthawi zambiri limatsitsimuka n'kupitiriza kupanga mazira.